Chikwama pa Maondo a Mlongo Wanga

Kwa zaka ziwiri ndi miyezi ingapo, pakatha masabata anayi alionse, ndinkapempha kuchokapo m'mawa ku maofesi komwe ndimakolopa masitepe, n'kuperekeza mlongo wanga kuchipatala kukabayitsa jakisoni wake. Ndinkanyamula chikwama chachikulu chothothoka zipi. Munalibe kanthu kanzeru m'menemo: nsapato zakale, ambulera, botolo la madzi. Ntchito yake inali kulemera basi. Tikalowa m'chipinda cha anamwino n'kukhala pansi, ndinkachiika pa maondo ake, ine n'kutsamirapo ndi chigongono, kuti asaone kuti miyendo ya munthuyu siikhazikika.

Nzeru imeneyo inali yanga. Palibe anandiphunzitsa, ndipo panthawiyo ndinkadziona ngati wochenjera kwambiri.

Mlongo wangayu ndi telala. Ndine wamkulu kwa iye ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mayi athu atamwalira ndinamulera ndine, n'chifukwa chake mpaka lero ndimamutchula kuti iwe ngakhale ndevu zake zayamba kuchita imvi. Anaphunzira kusoka ali mnyamata, pakhonde la sitolo ina, ndipo dzanja anali nalo. Kolala ya malaya ikatuluka m'manja mwake inkagona bwino pakhosi popanda kuikakamiza ndi simbi. Sanali wolankhulalankhula. Ukamufunsa kanthu ankayamba waluma ulusi, kenako n'kuyankha mawu awiri.

Matenda a maganizo anamuyamba ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu. Anayamba kumva mawu a anthu omwe ife sitinkawaona, ankati makasitomala akumusokera zinthu m'matumba a mathalauza kuti amutchere msampha, ndipo ankayenda. Abale inu, ankayenda! Kuchoka pakhomo mpaka kumsika, kubwerera, kupitanso, akulankhula yekha, mapazi atang'ambika. Anamugoneka kuchipatala kawiri. Ulendo wachiwiri anapita atamugwira amuna atatu, ine ndikutsatira pambuyo nditanyamula nsapato yake imodzi. Kuyambira pamenepo, ndikaona mlongo wanga akuzungulirazungulira m'nyumba, ndinkaopa kuti matenda abwerera.

Mapiritsi ankamuthandiza, koma akangopeza bwino ankaiwala kumwa, mwina ankachita dala, kaya. Ndiye adokotala anati ayambe jakisoni wokhalitsa m'thupi. Amabaya pa thako kamodzi, mankhwala n'kumatuluka pang'onopang'ono mpaka mwezi wathunthu. Zinayenda. Mawu aja anasiya, anayamba kusamba osamuuza, ndipo anapeza ntchito pa shopu ina yosoka mayunifolomu a sukulu, ya mayi ena amasiye omwe aliyense ankangowatchula kuti Abwana. Mlongo wanga anawauza yekha za matenda ake tsiku loyamba. Iwo anayang'ana msoko womwe anasoka poyesedwa, n'kunena kuti, "Ine ndikulemba manja, za mutu n'za adokotala." Anamupatsa makina opalasa ndi mapazi, pafupi ndi zenera.

Koma walira mvula walira matope. Atabayitsa kachitatu ndinayamba kuona zachilendo. Pakapita masiku atatu kapena anayi chibayireni, thupi lake linkauma. Manja sankagwedezeka akamayenda, ankangolendewera m'mbali. Ankayenda timasitepe ting'onoting'ono, nsapato zikukhwekhwereza. Nkhope inkangoti duu, ukamuuza nthabwala ankati yamusangalatsa koma osaoneka kuseka. Kumanga batani la malaya ake omwe kunkamutengera nthawi yoti ine n'kuwiritsa madzi a tiyi, ndipo pilo wake ankanyowa ndi malovu. Pamwamba pa zonsezo, miyendo. Akakhala pampando, maondo ankayamba kuvina okha. Ankadya chiimire, mbale ili m'manja, akusinthasintha phazi ngati wapondera pa phala lamoto.

"Achemwali, m'miyendomu muli ngati mukuyenda nyerere," anandiuza tsiku lina. "Ndikakhala pansi mtima umandiuza kuti dzuka."

Ine ndinangomva mawu akuti "mtima umandiuza". Ndinatseka chitseko n'kumuuza kuti asakayerekeze kunena zimenezo kuchipatala, chifukwa akamugonekanso, ndipo ntchito ikathera pomwepo. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi nkhope yake youma ija, n'kungoti, "Chabwino."

Kuchipatalako zinkatiyendera mosavuta, ndipo chifukwa chake ndachimvetsa mochedwa. Tsiku lobayitsa linali tsiku lomwe jakisoni wakale wachepa mphamvu m'thupi, ndiye mlongo wanga ankakhala atamasukako. Kuuma kunkachepa, miyendo inkangonjenjemera pang'ono, zoti chikwama n'kuzibisa. Anamwino anali amodzi, odwala benchi yodzaza mpaka pakhomo. Ankafunsa akulemba: "Muli bwanji mwezi uno? Mukugona? Mawu aja mukuwamva? Pali chovuta chilichonse?" Mlongo wanga asanamalize kumeza malovu, ine ndinali nditayankha kale. "Ali bwino, anamwino. Akugwira ntchito." Iwo ankayang'ana iye, iye n'kugwedeza mutu. Kenako kuseri kwa katani, lamba pansi, basi tizipita, ine kuthamangira ku masitepe anga.

Ku shopu nako matenda anapeza pobisala. Makina opalasa amafuna miyendo yosatopa, ndipo mlongo wanga anali nayo. Miyendo yomwe inkamuzunza kunyumba, kuntchito inkapalasa kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Anzake ankapuma masana, iye makina akungolira. Anamupatsa dzina loti Injini. Abwana ankanyozera ena potchula iye: "Taonani Injini, sadziwa n'kuyasamula komwe. Inu kusoka kabudula mmodzi, kukodza katatu!" Palibe ankadziwa kuti munthuyo akasiya kupalasa amafuna kulira.

Zala ndi zomwe zikanamuulula, koma anapangana ndi mdala wina wa makina oyandikana nawo, yemwe ankamutchula kuti Mdala wa Makolala. Masabata awiri oyamba chibayireni, pomwe zala zinali zolimba ngati zikhomo, mlongo wanga ankatenga misoko yaitali yowongoka, ya m'mbali mwa masiketi ndi mathalauza, yake ndi ya mdalayo. Mdala ankatenga makolala, matumba ndi maenje a mabatani. Masabata awiri omaliza ankasinthana. Mdalayo sanafunse chifukwa, maondo ake anali otha kale, ndiye kwa iye unali mwayi. Ulusi pa singano ankalowetserana. Mwezi wa mlongo wanga unagawika choncho, wa misoko ndi wa makolala, kwa zaka ziwiri.

Zinasokonekera Abwana atagula makina amagetsi. Anapeza oda yaikulu ya sukulu zitatu, anagulitsa makina onse akale, n'kubweretsa oyera, onyezimira, othamanga ngati akuthawa ngongole ya eni ake. Makina amagetsi safuna kupalasa. Amafuna phazi lodekha, lopondera pang'ono, kusiya, kuponderanso. Phazi la mlongo wanga silinkadziwa kudekha. Linkaponda lokha, makina n'kulumpha, singano n'kudutsa pomwe sipafunika. Sabata yoyamba anawononga malaya asanu ndi limodzi. Miyendo itasowa kopita, anayamba kudzuka. Kusoka pang'ono, kudzuka, kupita pakhomo, kubwerera, kukhala, kudzukanso. Tsiku lina anaiwala kusiya sizasi patebulo, anazungulira nayo m'manja pakati pa makina, nkhope ili gwa, ndipo amayi awiri osoka masiketi anathawira panja.

Abwana anandiimbira foni ndili pa sitepe yachitatu ndi chikolopa m'manja. Nditafika ndinapeza mlongo wanga ali panja, akupondaponda pansi pafupi ndi mulu wa tizidutswa ta nsalu.

"Mayi, ine munthuyu ndimamukonda," anatero Abwana, "koma anzake akuopa. Ngati matenda abwerera, mundiuze. Pitani naye kuchipatala, mukabwere ndi kalata yonena chomwe chikuchitika. Mpando wake ndiusunga masabata awiri. Kupitirira apo sindingathe, sukulu zikutsegulira ndipo oda siidikira munthu."

Apa panali patapita masiku asanu ndi limodzi chibayireni jakisoni. Tinali tisanapiteko kuchipatala pa tsiku ngati limenelo. M'mawa mwake ndinanyamulabe chikwama changa, chizolowezi n'choipa. M'minibasi sanathe kukhala, tinatsika pa siteji yachiwiri n'kuyenda wapansi njira yonse. Ine mumtima ndinali nditavomera kale kuti lero ndibwerera ndekha, iye atsala ku wodi.

Silinali tsiku la jakisoni, ndiye benchi inali ndi anthu atatu okha. Anamwino aja anatuluka atanyamula mafayilo, anaima, n'kumuyang'ana mlongo wanga akuyenda m'khonde, kupita ndi kubwerera.

"Si a telala awa? Lowani."

Tinalowa. Anakhala, ine chikwama pa maondo, chigongono pamwamba. Koma tsiku limenelo chikwama chinkadumpha ngati muli nkhuku.

"Mayi, tachotsani chikwamacho," anatero anamwino.

"N'chopepuka, anamwino, sichikumulemera."

"Chotsani. Ndipo lero ayankhe okha."

Ndinachiika pansi. Manyazi anandigwira mpaka m'makutu. Anamwino anakoka mpando n'kukhala moyang'anana naye. Anamufunsa ngati akumva mawu, iye anati ayi. Ngati pali amene akumulondalonda kapena kumupangira chiwembu, ayi. Ngati pali kumene akufuna kupita akamayenda choncho.

"Kulibe," anatero mlongo wanga, mawu ali pansi. "Kale ndinkayenda chifukwa ndinkathawa anthu. Pano sindikuthawa munthu. Ndi miyendo. Ndikakhala, m'katimu mumandinyerenyetsa mpaka ndidzuke. Ndikadzuka ndimatopa. Ndatopa, anamwino."

Anamugwira dzanja, n'kupinda chigongono chake pang'onopang'ono, kuwongola, kupindanso. Ngakhale ine ndinaona kuti mkono sukuyenda bwinobwino, ukugwiragwira ngati zipi ya dzimbiri. Anamuuza atambasule manja, zala zinkanjenjemera. Anamuuza atulutse lilime, ayende mpaka pakhomo n'kutembenuka. Kenako anafunsa kuti zinayamba liti.

"Jakisoni wachitatu."

"Wachitatu kuchokera liti?"

"Kuchokera poyamba."

Anamwino anatsegula fayilo n'kuyamba kubwerera m'mbuyo tsamba ndi tsamba. Ine ndinkadziwa zomwe zinalembedwamo mwezi uliwonse, poti ndinkanena ndine. Atafika kumayambiriro anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Inenso ndinayenera kuwagwira mkono kalekale," anatero. "Ndimakuonani tsiku limene mankhwala atsika, ndiye ndimaona munthu wabwinobwino. Bambo, ndikufunseni molunjika. Ndi kuvutika konseku, munayamba mwaganizapo zodzipha?"

Ine ndinafuna kuyankha, pakamwa panatseguka ndithu. Mlongo wanga anandiyang'ana, ndinatseka.

"Kawiri," anatero. "Makina atsopano atabwera. Sindinakonze kanthu. Ndinangoganiza kuti ndikanapuma."

Sindinadziwe. Timagona nyumba imodzi, ndimamuchapira, ndimamuphikira, koma sindinadziwe. Ndinangoyang'ana pansi, pa simenti pomwe wokolopa wa kumeneko anasiya mzere wa madzi akuda m'mbali mwa khoma.

Anaitana adokotala, bambo wamfupi wotopa ngati ife tomwe. Anamuyezanso, anamufunsanso za maganizo odzipha aja mofatsa, ngati alipo lero, ngati kunyumba amakhala yekha. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mayi, awa si matenda aja. Izi zikuchokera ku mankhwala. Kuuma thupi, kunjenjemera, malovu, kulephera kukhazikika, zimachitika kwa anthu ena, ndipo zili ndi chochita. Mukanabwera n'kungonena kuti akuyendayenda ngati kale, osawalola kufotokoza okha, mwina wina akanawonjezera mlingo, zikanaipiraipira. N'chifukwa chake timafuna kumva kwa mwini thupi: chikuchitika n'chiyani, chimayamba tsiku lachingati chibayireni, chimatha liti, chikuwalepheretsa chiyani."

"Ndiye simumugoneka?" ndinafunsa.

"Pa zimenezi ayi. Koma maganizo aja akabweranso, mubwere tsiku lomwelo."

"Nanga jakisoniyo tingomusiya?"

"Ayi, mawu aja angabwerere. Tichepetsa mlingo ulendo wamawa, tione. Zikakanika tisintha mtundu wa mankhwala."

Anamulembera mapiritsi ofewetsa thupi, n'kumuchenjeza kuti angamuumitse kukhosi, kumumanga m'mimba, ndiponso maso angamaone mwachimbuuzi zinthu zapafupi, zikatero anene. Miyendo anati ili ndi mapiritsi akeake. Asanalembe anamufunsa ngati ali ndi mphumu, n'kumuyeza kuthamanga kwa magazi ndi kugunda kwa mtima. Anamwino analemba papepala zinthu zosadikira tsiku la jakisoni, n'kundiwerengera ngati mwana wa sukulu: khosi likapindika lokha, maso akatembenukira m'mwamba, lilime likauma kapena akamalephera kumeza ndi kupuma, thupi likatentha kwambiri n'kuuma gwa mutu n'kusokonekera, kuthamanga naye nthawi yomweyo. Milomo kapena lilime zikayamba kuyenda zokha ngati akutafuna, kudzanena msanga, osabisa. Anati tibwerenso pakatha sabata, ndipo azilemba pa kalendala masiku oipa ndi abwino.

Mlongo wanga anafunsa funso limodzi lokha. "Masabata awiri ndikhala nditachira?"

Adokotala anapumira m'mwamba. "Sindikunamizani. Jakisoni amene ali m'thupimu sitingamutulutse, atha yekha pang'onopang'ono. Mapiritsi athandizako masiku akubwerawa, makamaka kuuma. Koma kuti mlingo watsopano uoneke ntchito yake, pamafunika masabata angapo, mwina miyezi iwiri."

Kalata anatilembera, yonena kuti matenda sanabwerere ndipo akusintha mankhwala. Ndinakaipereka ndekha. Abwana anaiwerenga kawiri, n'kuipinda bwinobwino. Anati amva, ndipo Mulungu amuthandize. Kumbuyo kwawo kunali milu ya nsalu zodulidwa kale yofika m'chiuno.

Masabata awiri anakwana mlongo wanga akumanga yekha mabatani, koma miyendo ikadavutabe. Anapita kukayesa. Anakhala pa makina mphindi khumi, anadzuka, anakhalanso, msoko unapita kumbali. Anavula tepi yoyezera m'khosi yekha n'kubwerera kunyumba. Jakisoni wotsatira anali wochepa. Masiku oipa pa kalendala anatsika, kuchoka khumi ndi awiri kufika asanu, mwezi winawo awiri. Mawu aja sanabwerere. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinamupeza atakhala pampando, akumvera wailesi, mwendo wina uli pamwamba pa unzake. Ndinaima pakhomo osalowa, mpaka anandifunsa ngati ndaiwala nyumba. Ndipo anaseka, nkhope yonse.

Patatha masabata khumi anachapa malaya, anasita, n'kunena kuti akupita ku shopu. Ndinati ndimuperekeze, anati ndikhoza, bola ndisakalankhule. Tinapeza Abwana atapita kukagula ulusi. Tinakhala pa benchi ya makasitomala m'katimo, ndipo mlongo wanga anakhala ola lathunthu osadzuka, manja ali pa maondo. Amayi osoka masiketi aja ankamuba ndi maso. Mdala wa Makolala anabwera kudzamugwira dzanja, n'kubwerera pamalo pake. Pa makina a pazenera panali bambo wina wonenepa, wa ana ake ndithu, akusoka bwinobwino, osalakwitsa.

Abwana atabwera anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Injini, wachira?"

"Ndapeza bwino, Abwana. Ndingathe kukhala tsiku lonse. Mundiyese."

"Ndakuona, ndipo ndakhulupirira." Anaika katoni ya ulusi patebulo. "Koma bamboyo ndinamulemba kale, ndipo sanandilakwire. Makina ndi asanu ndi atatu, anthu asanu ndi atatu. Mukanandiuza kalekale, iwe ndi achemwali akowa, makina ako opalasa aja sindikanagulitsa, ankangofunika kakona basi." Anatsegula katoni ija. "Wosita anachoka sabata yatha. Ndi ntchito yoimirira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo si ya telala ngati iwe. Koma ndi yomwe ilipo."

Ndinapsa mtima. Ndinali ndi mawu okwana dengu, za makolala ake, za zaka ziwiri zomwe anapalasa osapuma, za ulemu. Ndinatsegula pakamwa, koma ndinawameza, chifukwa munthu woyenera kukalipiridwa m'chipinda chimenecho ndinali ine.

Mlongo wanga anayang'ana makina a pazenera kanthawi. Kenako anadzuka pa benchi paja, pang'onopang'ono, anavula jekete n'kulipachika pa msomali.

"Simbi mumalumikiza pati?" anafunsa.

Anamulozera kuseri, pafupi ndi chitseko cha kubafa, komwe kulibe zenera. Ndinadikira kuti mwina atembenuka andiuze kanthu. Anali atayamba kale kuyala malaya oyamba patebulo, akuwongola kolala yosoka munthu wina ndi zala zake. Ndinatuluka, ndipo ndinalira njira yonse mpaka kuntchito, komwe anandikalipira chifukwa chochedwa.